Kufunsa malangizo kwa akauntanti amene munaphunzira sukulu imodzi: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene achinyamata omaliza dipuloma kapena digiri ya akaunti amafunsa kawirikawiri akamva kuti wina wa pa sukulu yawo yakale ali pa kampani ya oditi, ku banki kapena ku bungwe lina. Tatsamira pa ntchito ya zowerengera ndalama kuno ku Malawi chifukwa ndi ntchito imene zisankho za zaka ziwiri zoyambirira zimakutsatira nthawi yaitali, ndipo zambiri mwa zisankhozo sizilembedwa pa chidziwitso cha ntchito cha m'nyuzipepala.

Munthuyo sitinadziwane n'komwe. Anachoka ine ndisanafike Fomu 1. Ndili ndi chifukwa chomuvutitsira?

Muli nacho, koma dziwani kukula kwake. Sukulu imene munaphunzira nonse imachititsa kuti uthenga wanu uwerengedwe mpaka kumapeto, ndiponso kuti munthuyo akupatseni mphindi zochepa zocheza. Sikupatsani ntchito ayi, ndipo munthuyo alibe nanu ngongole. Amene anagona m'hositelo imene inu munagonamo, n'kudya nyemba za m'khitchini yomweyo, amafuna kumva kuti sukulu yake ikutulutsabe anthu olimbikira, ndiye amamvetsera. Zikapitirira apo, chimene chimagwira ntchito ndi funso limene mwabwera nalo.

Musaope kusiyana kwa zaka. Komabe pa nkhani ya akaunti, amene anakutsogolerani ndi zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri nthawi zambiri amathandiza kuposa bwana wamkulu wa zachuma amene anamaliza kalekale. Wachinyamatayo akukumbukirabe mafunso a pa intaviyu, mtengo wa mayeso, ndi mmene chaka choyamba chimawawira. Bwana wamkuluyo ali ndi nzeru zina, za kumene ntchito ikulowera, ndipo mudzamufuna m'tsogolo mukadziwa chimene mukufuna kumufunsa.

Ndingamupeze bwanji, ndipo ndilembe pa foni kapena ndipite ku ofesi?

Njira yabwino koposa ndi kudzera mwa munthu amene nonse mukumudziwa: mphunzitsi wakale, mkulu wa gulu la ophunzira akale, kapena mnzanu wa m'kalasi amene ndi mng'ono wake. Munthuyo ayambe wafunsa ngati angapereke nambala. Ngati muli limodzi m'gulu la WhatsApp la sukulu yanu, musalembe pempho lanu pagulu, ndipo musamuimbire mwadzidzidzi. Lembani kumbali, nthawi ya masana. Pa LinkedIn ndi pabwinonso, chifukwa mumaona kumene munthu wadutsa musanamulembere.

Ku ofesi musangotulukira ndi envulopu ya khaki m'manja. Mlonda kapena wolandira alendo adzaitenga n'kuiika pa mulu wa zinzake, ndipo munthu amene mumamufuna adzamva kuti kunabwera wofuna ntchito. Mwatseka nokha khomo la macheza.

Kumbukiraninso kuti mayina a sukulu anasintha. Amene anaphunzira ku Polytechnic chisanafike chaka cha 2021 amati ndi a ku Poly, ngakhale inu satifiketi yanu yalembedwa MUBAS. Tchulani mayina onse awiri kuti adziwe kuti ndinu wa kwawo.

Uthenga woyamba ukhale wotani?

Waufupi, woti auwerenge ali pa mzere wa ku banki n'kuuyankha pomwepo. Unene kuti ndinu yani, mwapeza bwanji nambala, mwafika pati, ndipo mukufuna chiyani kwenikweni. Taonani uwu:

"Mwaswera bwanji achemwali. Ndine uje, ndinamaliza Fomu 4 pa sukulu yathu zaka zitatu inu mutachoka. Nambala yanu andipatsa ndi aphunzitsi athu a masamu, akuti munavomera. Ndamaliza dipuloma ya akaunti chaka chino, ndipo ndaima pa mphambano: kupitiriza ndi ICAM kapena kuyamba ACCA, komanso kulowa ku oditi kapena kuvomera ntchito ya ukalaliki imene ndapeza pa kampani ina. Ndaona kuti inu munadutsa ku oditi. Mungandipatseko mphindi 20 pa foni tsiku limene mungamasuke? Ndidzaimba ndine. Zikomo kwambiri."

ICAM ndi ACCA ndi mabungwe opereka mayeso a ukauntanti, loyambalo la kuno, linalo la ku Britain. Mu uthengawu mulibe CV, mulibe mbiri ya mavuto a kunyumba, ndipo mulibe mawu akuti "mundithandize". Muli chisankho chenicheni chimene munthu wodziwa angachiyankhe. Mwanenanso kuti mudzaimba ndinu, kutanthauza kuti mayunitsi ndi anu.

Za katchulidwe: ngati kusiyana kwa zaka n'kochepa, achimwene kapena achemwali zikukwanira bwino ndipo zimakumbutsa ubale wa pa sukulu. Kwa wamkulu ndithu nenani bambo uje kapena mayi uje. Mawu akuti bwana asungeni mpaka mutamva mmene iwo akudzitchulira, chifukwa ena amawamva ngati chiyambi cha kupempha. Dzina la chipongwe limene ankadziwika nalo ku sukulu lisatuluke pakamwa panu, ngakhale gulu lonse limawatchula choncho. Chimene sichigwira n'kulemba "Moni" yekha n'kudikira kuti afunse kuti ndinu yani. Anthu otanganidwa sayankha zotere.

Pali nthawi imene si bwino kulembera akauntanti?

Ilipo, ndipo kuidziwa kumasonyeza kuti mukuidziwako ntchitoyi. Amene ali mu ofesi ya akaunti ya kampani amapanikizika kumapeto kwa mwezi ndi sabata yoyamba ya mwezi wotsatira, pamene akukonza malipiro ndi kutseka mabuku. Kenako pamabwera masiku a msonkho: PAYE iyenera kufika ku MRA pofika pa 14, ndipo VAT pofika pa 25. Masiku a pambuyo pa 14, kapena atangodutsa 25 malipiro asanayambe, ndi pamene munthu amapumako.

A ku oditi nyengo yawo yowawa ndi kuyambira Januwale mpaka cha mu Epulo, chifukwa mabanki ndi makampani ambiri amatseka chaka pa 31 Disembala. Nthawi imeneyo amaweruka usiku ndipo Loweruka amagwira. A m'boma chaka chawo cha ndalama chimatha pa 31 Malichi. Ngati munthuyo akulembabe mayeso a ACCA, masabata oyandikira mayeso a Malichi, Juni, Sepitembala ndi Disembala musamuyembekezere. Mukalemba mu Febuluwale n'kusayankhidwa, si kuti akunyozani. Lembaninso mu Meyi.

Ndikapeza mphindi 20 zija, ndifunse chiyani?

Apa ndi pamene ambiri amataya mwayi. Amafunsa zimene akanazipeza okha: ACCA ili ndi mayeso angati, ICAM ili kuti, kulembetsa n'liti. Zimenezo werengani musanaimbe. Kwa munthu funsani zimene zili m'mutu mwa munthu amene wagwira ntchitoyo basi.

Yambani ndi sabata yake. "Sabata yathayi munagwira chiyani kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu?" Funsoli limatulutsa zoona kuposa lakuti "ntchito yanu ndi yotani". Wa ku oditi wa chaka choyamba adzakuuzani za kukhala m'kachipinda ka kasitomala ndi mafayilo, kutenga malipiro amene asankhidwa n'kufufuza ngati lililonse lili ndi vawucha, invoyisi ndi siginecha ya woyenera kuvomereza. Adzakuuzani za kuwerenga katundu m'nyumba yosungira kumapeto kwa Disembala anzake ali pa tchuthi, kukwera pa milu ya matumba n'kuyerekeza ndi zimene zalembedwa pa khadi. Mukamva zimenezi mtima n'kugwa, mwaphunzira chinthu chamtengo musanasaine kalata iliyonse.

Chachiwiri, funsani za anzake. "Mwa amene munayamba nawo limodzi, ali kuti tsopano?" Munthu mmodzi ndi nkhani imodzi, koma gulu limene anayamba nalo limakuonetsani njira zonse: amene anamaliza mayeso n'kupita ku banki, amene anapita ku mabungwe, amene anakakamira pa pepala limodzi zaka zingapo, amene anasiya. Mufunseni chimene chinasiyanitsa omaliza ndi osamaliza. Yankho lake nthawi zambiri silikhala nzeru za m'kalasi. Limakhala ndalama za mayeso, tchuthi chowerengera, ndi bwana amene anali naye.

Chachitatu, funsani mmene anthu amalowera. Makampani akuluakulu a oditi monga Deloitte, EY ndi Grant Thornton ali ndi nthawi yawo yolembera omaliza kumene maphunziro, ndipo wa m'kati amadziwa mwezi wake, mayeso amene amapereka, ndi chimene chimagwetsa anthu pa intaviyu. Amadziwanso makampani ang'onoang'ono a oditi a mu Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu amene salengeza kwambiri koma amaphunzitsa bwino. Mayina amenewo ndi amene muyenera kulemba pa pepala.

Mafunso atatu amenewa adzadya nthawi yonse. Musakonze khumi.

ICAM kapena ACCA? Ndikhulupirire zimene wandiuza?

Mvetserani, koma dziwani kuti pafupifupi aliyense amayamikira njira imene anadutsa yekha. Choncho musafunse kuti yabwino ndi iti. Funsani kuti, "Mukanakhala kuti mukuyamba lero, ndi ndalama zimene ine ndili nazo, mukanatani?" Ndipo muwauze zoona za thumba lanu, chifukwa kusiyana kwakukulu kwa njira ziwirizi kwa wophunzira wa kuno kuli pa ndalama.

ACCA ndi bungwe la ku Britain ndipo zonse zimalipidwa m'mapaundi: kulembetsa, ndalama ya pachaka, pepala lililonse, ngakhalenso mapepala amene akukhululukirani chifukwa cha digiri yanu. Ambiri amadabwa ndi chomalizachi. Amamva kuti digiri ikhoza kuwachotsera mapepala mpaka 9 mwa 13, n'kuganiza kuti ndi ulere, osadziwa kuti lililonse mwa amenewo lili ndi mtengo wake. Kwacha ikagwa, mtengo wa zonsezi umakwera tsiku lomwelo. Mu Novembala 2023, Reserve Bank itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anasunga ndalama ya pepala limodzi anadzuka ilibe mphamvu yolipirira pepalalo. Pamwamba pa mtengo pali vuto lopeza ndalama zakunjazo ku banki nthawi yolipira isanathe. Wa pa sukulu yanu amene analemba chaka chatha adzakuuzani mmene iye analipirira, ndipo nkhani imeneyo simungaipeze pa chikalata chilichonse.

ICAM ndi ya kuno, imalipidwa m'makwacha, ndipo misonkho ndi malamulo amene mumaphunzira ndi a Malawi. Mapeto ake ndi CA(M), dzina la akauntanti wovomerezeka wa ku Malawi. Ubwino wa ACCA ndi wakuti imadziwika m'maiko ambiri, zimene zili ndi phindu ngati mukuganiza zodzagwira ntchito kunja kapena ku mabungwe a maiko ena. Koma dziwaninso kuti amene ali ndi ACCA akafuna kugwira ntchito monga akauntanti kuno amalembetsabe umembala ku ICAM. Njira ziwirizi zimakakumana kutsogolo.

Maganizo anga ndi awa: njira yabwino ndi imene mungaimalize. Mapepala asanu ndi limodzi a ACCA amene anaima chifukwa ndalama zinatha sakupatsani dzina lililonse kumbuyo kwa dzina lanu.

Ndingadziwe bwanji kuti malangizo amene ndapatsidwa ndi akale?

Mvetserani mayina amene akutchula. Ngati akunena za PAEC kapena SOCAM ngati kuti zilipobe, akukamba za nthawi ya lisanabwere lamulo la 2013, limene linabweretsa ICAM m'malo mwa mabungwe awiriwo. Ngati akutchula mapepala a ACCA kuti F7 kapena P2, analemba mayina asanasinthe. Ndipo ACCA yalengeza kale kuti isinthanso dongosolo la mayeso ake kuyambira 2027, kotero ngakhale amene anamaliza posachedwa akhoza kukupatsani chiwerengero chimene sichidzagwira kwa inu.

Izi sizitanthauza kuti munthuyo alibe nzeru. Gawani zimene wanena pawiri. Za malamulo, mitengo, masiku olembetsa ndi mapepala okhululukidwa, katsimikizeni nokha ku ICAM, ku ACCA kapena ku Malawi College of Accountancy. Za anthu, monga mmene mabwana amaonera wantchito watsopano, chimene chimakweza munthu, ndi mmene ungawerengere utaweruka mochedwa, sizikalamba msanga. Pa zimenezo mawu a wamkulu ali ndi kulemera.

Mungapereke chitsanzo cha mmene kucheza kotereku kungasinthire chisankho?

Tiyerekeze mtsikana amene analemba uthenga uja. Ali ndi dipuloma, ndipo pali zinthu ziwiri patsogolo pake. Kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ikumufuna kuti akhale kalaliki wa akaunti, malipiro abwinoko, kuyamba Lolemba. Kampani yaing'ono ya oditi ikumufunanso monga wophunzira ntchito, koma malipiro ake ndi otsika moti akachotsa ya minibasi ndi ya lendi sipatsala kanthu. Kunyumba onse akuti atenge yoyambayo.

Achemwali aja atamva, sanamuuze kuti asankhe iti. Anamufunsa funso limene iye sanaliganizepo: "Ku kampani ya zipangizoyo, wamkulu wa akaunti ndi ndani, ndipo ali ndi mapepala anji?" Mtsikanayo sanadziwe chifukwa chake zili zofunika. Anamufotokozera kuti kukhoza mayeso pakokha sikumupanga munthu membala. ACCA imafuna miyezi 36 ya ntchito yeniyeni ya akaunti, ndi zolinga 9 za luso zimene ayenera kukusainira akauntanti wovomerezeka amene amaona ntchito yako. ICAM nayo imafuna zaka za ntchito yoyang'aniridwa. Ngati pa kampanipo mabuku amasunga ndi mwini wake ndi mlamu wake, palibe wosaina pafupi, ndipo udzayamba kusakasaka munthu wakunja amene angavomere kuikira umboni ntchito imene saiona tsiku ndi tsiku.

Kenako anamufunsa chimene adzakhala akugwira. Ngati ndi kulemba malisiti ndi kulowetsa mainvoyisi mu kompyuta chaka chonse, adzadziwa kachigawo kamodzi ka kampani imodzi. Ku oditi, m'chaka chimodzi adzalowa m'mabuku a sukulu, a bungwe, a fakitale ndi a sitolo, n'kuona kumene ndalama zimatayikira m'malo osiyanasiyana. N'chifukwa chake olemba ntchito amakonda amene anadutsa ku oditi.

Koma sanaime pomwepo, chifukwa oditi nayo ili ndi misampha yake. Anamutuma kuti akafunse zinthu zinayi asanasaine: ngati kampaniyo imalipira mayeso, ndipo ngati imalipiranso ukalephera n'kubwereza, masiku angati a tchuthi chowerengera, ngati pali mgwirizano wokumanga kuti ukachoka msanga ubweze ndalama za mayeso, ndi ngati ophunzira ntchito amene analipo kale anamaliza. Kampani ya oditi imene sipereka tchuthi chowerengera, ndipo palibe amene anamalizirapo mayeso, ikungofuna manja otchipa a nyengo ya Januwale.

Pomaliza anamuyesa pang'ono. "Buku lanu likuti ku banki kuli K1,250,000. Sitetimenti ya ku banki ikuti K1,430,000. Wabedwa ndani?" Mtsikanayo anakhala chete kaye, kenako anayamba kufunsa: pali cheke chimene tinalemba koma sichinakatapidwe? Chilipo, cha K200,000. Pali ndalama imene banki yadula ife osailemba? Ilipo, K20,000. Ndiye buku likachotsedwa K20,000 likhala K1,230,000, sitetimenti ikachotsedwa K200,000 ikhalanso K1,230,000, ndipo palibe wabedwa. Achemwaliwo anamuuza kuti funso lotere limabwera pa intaviyu, ndipo ambiri amagwa chifukwa analoweza dongosolo la pa pepala osamvetsa chifukwa chake manambala awiriwo amasiyana. Anamuuzanso kuti asanapite kulikonse aphunzire bwino Excel, makamaka SUMIF, VLOOKUP ndi PivotTable, komanso akhudzeko mapulogalamu a akaunti a Sage kapena QuickBooks.

Chisankho chinatsalabe m'manja mwa mtsikanayo, ndipo chikanatha kupita mbali iliyonse. Akanapeza kuti ku kampani ya zipangizo kuli akauntanti wovomerezeka wokonzeka kumuphunzitsa ndi kumusainira, ntchito imeneyo ikanakhala yabwino ndithu, ndi malipiro ake omwe. Chimene anapindula n'chakuti anabwerera kwa olemba ntchito awiriwo ndi mafunso oyenera.

Nanga za malipiro, ndi mwano kufunsa?

Kufunsa kuti "inuyo mumalandira zingati" ndi mwano, ndipo simudzayankhidwa zoona. Funsani za mpando, osati za munthu: "Woyamba kumene pa kampani ngati yanu amayambira pati mpaka pati?" Funsaninso ngati chiwerengerocho ndi cha msonkho usanachotsedwe, chifukwa PAYE ndi gawo lanu la penshoni zikachoka, chofika m'manja chimasiyana kwambiri ndi cholembedwa pa kalata. Pa ntchito imeneyi, funsani ndithu za zina zimene si malipiro: ndalama za mayeso, chithandizo cha kuchipatala, ndi alawansi ya maulendo a ntchito kwa amene amayenda. Kampani yolipira mapepala anu m'mapaundi ikhoza kukhala ikukupatsani zambiri kuposa ina imene malipiro ake a pamwezi ndi okwera.

Pali zimene sindiyenera kufunsa ngakhale macheza atakoma?

Musafunse za makasitomala ake. Wa ku oditi amaona malipiro a mabwana, ngongole za makampani ndi zolakwika zimene sizinatuluke poyera, ndipo malamulo a ntchito yake amamuletsa kuzinena. Mukafunsa kuti "kampani yakuti ija akuti ikugwa, n'zoona?" mwamuika pa malo ovuta, komanso mwadzionetsa kuti inuyo simungasunge chinsinsi. Ndipo ngati iye yekha ayamba kukuululirani za m'mabuku a anthu, samalani naye. Si munthu woti mutengere khalidwe lake.

Musamupemphe mafunso a mayeso olowera ntchito pa kampani yake. Kukuuzani mtundu wa mafunso ndi kukuthandizani. Kukupatsani pepala lenilenilo kungamuchotsetse ntchito.

Koma zoona zake ine ndikufuna ntchito. Ndibise?

Musabise, ndipo iye akudziwa kale. Kusiyana kuli pa chimene mukumusenzetsa. Mukati "mundipezere ntchito", mwamupatsa katundu amene mwina alibe mphamvu yomunyamula, chifukwa m'makampani ambiri wa zaka zisanu pa ntchito salemba munthu ntchito. Amachita manyazi kukana, ndiye amangosiya kuyankha. Mukati "mukamva kuti kwinakwake akufuna woyamba kumene, mungandidziwitseko?" mwamupempha chinthu chimene angachite mosavuta.

CV itumizeni akaipempha, kapena kumapeto kwa macheza funsani ngati angaione n'kukuuzani chimene chingaigwetse. Akauntanti amaona msanga zinthu zimene inu simuziona: masiku osagwirizana, kusatchula mapepala amene mwakhoza ndi amene atsala, kulemba kuti mumadziwa Sage pamene munangoiona pa kompyuta ya mnzanu. Za kumulemba monga wokuikirani umboni, dikirani. Munthu amene wacheza nanu kamodzi sanaone ntchito yanu, ndipo pa ntchito yosunga ndalama za anthu dzina lake saliika paliponse. Musalembe dzina lake pa CV musanamufunse.

Funso limodzi lomaliza limatsegula makomo ambiri kuposa kupempha ntchito: "Pali wina amene mukuona kuti ndiyenera kucheza naye?" Ngati mukufuna kudziwa za akaunti ya ku mabungwe, kumene ntchito yaikulu ndi kutsata malamulo a opereka thandizo ndi kulemba malipoti a bajeti, kapena ya m'boma kumene amagwiritsa ntchito IFMIS, dongosolo la pa kompyuta loyendetsera ndalama za boma, wa ku oditi adzakulozerani mnzake amene ali kumeneko.

Ndingazindikire bwanji kuti munthuyu akufuna kundidyera?

Ichi ndichinene mosabisa, chifukwa ubale wa pa sukulu umachititsa anthu kukhulupirira msanga. Aliyense wopempha ndalama kuti akulowetseni ntchito, kaya akuti ndi ya fomu, ya abwana, kapena "kangachepe" ka wa ku ofesi yolemba anthu, ndi wakuba kapena akukukokerani m'ziphuphu. Makampani enieni salipiritsa wofunsira ntchito. Musatumize kalikonse pa Airtel Money kapena Mpamba, ngakhale munthuyo ali m'gulu la sukulu ndipo aliyense amamutamanda. Nthawi zina nambala yake yabedwa ndipo amene akulemba si iye. Imbani mumve mawu.

Kwa atsikana makamaka, ngakhalenso anyamata: malangizo a ntchito amaperekedwa pa foni, ku ofesi, kapena pa malo a anthu ambiri masana. Amene akuti mukumane ku loji, kapena usiku kunyumba kwake, kapena amene mauthenga ake asiya za ntchito n'kuyamba za maonekedwe anu, musapitirize naye. Simunalakwe kanthu pomulembera. Uzani munthu amene anakupatsani nambala, kuti asatumizenso wina kumeneko.

Sanayankhe. Ndilembenso kangati?

Kamodzi, patatha sabata imodzi kapena ziwiri, mwachidule ndi mopanda kudandaula. Akapanda kuyankhanso, musiyeni ndipo funani wina. Musalembe m'gulu la sukulu kuti anthu ena akakwera amaiwala anzawo. Onse amene akanakuthandizani akuwerenga.

Tacheza bwino. Kenako ndichite chiyani?

Tsiku lomwelo lembani uthenga wothokoza, ndipo mutchule chinthu chimodzi chimene mwatola, monga chakuti mukafunsa za wosainira miyezi ya ntchito musanavomere. Mphatso siyofunika. Ngati munakumana pa malo odyera, konzekani kulipira zanu, ndipo akaumirira kulipira iwo, thokozani basi.

Chofunika kwambiri chimabwera patatha milungu ingapo. Chitani chimene munagwirizana, kenako muwauze zotsatira: "Achemwali, ndinakafunsa kuja. Wamkulu wa akaunti ndi membala wa ICAM ndipo wavomera kundiyang'anira, ndiye ndayamba. Pepala loyamba ndilemba mu Juni." Anthu ambiri amene amapempha malangizo samvekanso, choncho amene wabwera ndi lipoti amakumbukika, ndipo mpata ukatuluka dzina lake limabwera msanga m'mutu. Ngati simunatsate malangizo awo, auzenibe, ndi chifukwa chake. Pambuyo pake lembani pakakhala nkhani yeniyeni: zotsatira za mayeso zikatuluka, mukasintha ntchito, kapena mukafika pa chisankho china chimene iwo anadutsapo kale.